Kope la Malikisi: Liyambeni Sabata Yoyamba

Pulogalamu ya madzulo ano ndi yanu, inu anyamata ndi atsikana amene mwasankhidwa kupita kuyunivesite, kaya ndi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena mumzinda wa Blantyre. Ena mwafika kale, mukufunafuna kumene kuli laibulale, ndipo akuluakulu anu akukutchulani kuti mayaro. Makolo nanunso musachoke pafupi ndi wailesi, chifukwa nkhani yathu ikuthandizani kudziwa funso loyenera kumufunsa mwana akaimba foni.

Lero tikambirana chinthu chimodzi chokha: mmene mungatsatire malikisi a kosi iliyonse, nokha, m'kope lanu, kuyambira sabata yoyamba. Tiyamba ndi pepala limene aphunzitsi amapereka tsiku loyamba, kenako tiona mmene tsamba la kope lingakhalire, ndipo tiwerengera limodzi malikisi a kosi imodzi mpaka tidziwe zimene wophunzira akufunika kupeza pamayeso omaliza. Ngati muli ndi cholembera pafupi, chitengeni.

Tiyambe ndi kusiyana kwa kumene mwachokera ndi kumene mukupita. Ku sekondale, zaka zinayi zonse zinathera pamayeso a MSCE. Mayeso a pateremu anali ongokukonzekeretsani. Mapointi amene anakutengerani kuyunivesite anachokera pa mayeso a MANEB aja. Kuyunivesite zinthu zimayenda mwina. Malikisi a kosi amagawidwa pawiri. Gawo lina mumalipeza semesita ili m'kati, kudzera mu maasainimenti, mayeso ang'onoang'ono, ntchito ya m'magulu, kapena ntchito ya mulabu kwa a sayansi. Gawo linalo limachokera pamayeso omaliza. M'makosi ambiri mupeza kuti ntchito ya m'kati mwa semesita ili ndi malikisi 40, mayeso omaliza 60, pamodzi 100. Makosi ena amagawa hafu ndi hafu, ena mwanjira inanso. Ndiye kuti asainimenti imene mupatsidwe sabata yachitatu, musanadziwe n'komwe dzina la mnzanu wokhala naye pafupi, ili kale m'gulu la malikisi amene adzatuluke pamapeto.

Nanga mudziwa bwanji kagawidwe ka kosi yanu? Tsiku loyamba, kapena m'sabata yoyamba, aphunzitsi amapereka pepala lofotokoza kosi yonse, lomwe ophunzira amalitcha kosi autilaini. Ena amalipereka pamanja, ena amalitumiza pafoni kudzera kwa mtsogoleri wa kalasi. Ambiri amangoyang'ana mitu ya maphunziro ndi maina a mabuku, n'kuliponya m'chikwama. Inu pitani kumene kwalembedwa za kayesedwe. Pamenepo ndi pamene aphunzitsi amanena kuti pakhala ntchito zingati, ndipo iliyonse ili ndi malikisi angati mwa 100 aja. Nambala imeneyi tiitcha kulemera kwa ntchito, ndipo mawu amenewa muwamva kangapo madzulo ano.

Ngati pepalalo langonena kuti ntchito ya m'kati mwa semesita ndi 40, osafotokoza mmene 40 ameneyo agawidwira, kwezani mkono mufunse. Sizochititsa manyazi. Mungonena kuti, «Pepani aphunzitsi, pa malikisi 40 amenewa, mayeso apakati ali ndi angati, ndipo asainimenti ili ndi angati?» Anzanu onse adzalemba yankho lake, ngakhale amene amaseka mutakweza mkono.

Palinso mafunso ena atatu ofunika kuwayankha sabata yomweyo, ndipo mayankho ake amapezeka m'buku la malamulo a maphunziro la sukulu yanu kapena ku dipatimenti. Malikisi okhozera kosi ndi angati? Musatengere za mnzanu wa sukulu ina, chifukwa sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo malamulo amasintha. Kodi kungophatikiza zigawo ziwiri zija n'kokwanira, kapena muyenera kukhoza gawo lililonse palokha? Ili ndi funso lalikulu, chifukwa pali makosi amene munthu akhoza kukhala ndi malikisi okwanira akaphatikiza, koma n'kulephera chifukwa gawo limodzi linatsika kwambiri. Ndipo chimachitika n'chiyani ntchito ikaperekedwa mochedwa: amachotsa malikisi, kapena sailandira n'komwe?

(Nyimbo pang'ono)

Tabweranso, ndipo tsopano tifike pa kope. Gulani kope limodzi wamba, lotchipa lomwe lija, ndipo musalembemo manotsi a m'kalasi. Kosi iliyonse muipatse tsamba lake. Pamwamba lembani dzina la kosi ndi nambala yake, dzina la aphunzitsi, malikisi okhozera, ndi kagawidwe kaja. Mmunsi mwake, ntchito iliyonse ikhale ndi mzere wake, kuyambira asainimenti yoyamba mpaka mayeso omaliza, ngakhale kuti palibe ndi imodzi yomwe imene mwalemba. Pamzere uliwonse lembani dzina la ntchito, tsiku loipereka ndi kulemera kwake, n'kusiya malo opanda kanthu kutsogolo. Malo amenewo mudzalembamo zimene mwapeza pepala likabwera.

Mukatha, phatikizani kulemera kwa mizere yonse. Kuyenera kukwana 100. Kukapanda kukwana, ndiye kuti pali ntchito imene simukuidziwa, ndipo ndi bwino kuitulukira lero kusiyana ndi kudzaimva usiku woti mawa lake ikuperekedwa.

Wina afunsa kuti, bwanji osangolemba pafoni? Lembanimo ngati mukufuna, ndipo amene muli ndi laputopu mukhoza kupanga tebulo loti lizikuwerengerani lokha. Ine ndimakondabe kope. Foni imabedwa m'minibasi, imagwera m'madzi, imathima magetsi akazima. Kope palibe amene amalisirira. Njira yabwino ndi kulemba m'kope n'kumalijambula pafoni mwezi ukatha.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasochera. Nambala imene aphunzitsi alemba ndi cholembera chofiira pamwamba pa pepala lanu si imene imalowa m'malikisi omaliza. Iyenera kusinthidwa kaye molingana ndi kulemera kwa ntchitoyo.

Taganizirani munthu amene akufuna kudzaza thumba la chimanga. Wapatsidwa zotengera zosiyana: kambale, beseni, ndi ndowa yaikulu. Atadzaza kambale mpaka kusefukira, sangadzitame kuti thumba latsala pang'ono kudzaza. Ndipo ndowa ikabwera ndi chimanga chosafika pakati, chimene wataya pamenepo n'chochuluka kuposa kambale konse kaja. Asainimenti yaing'ono ndi kambale. Mayeso apakati ndi beseni. Mayeso omaliza ndiye ndowa. Funso lofunsa pepala likabwera ndi lakuti, chotengera chimenechi n'chachikulu bwanji, ndipo ndadzazamo kufika pati?

Tiyerekeze mtsikana wa chaka choyamba amene akuphunzira kosi yogawidwa 40 ndi 60. Malikisi 40 aja agawidwa chonchi: asainimenti ili ndi 10, mayeso apakati 20, ntchito ya pagulu 10. Tiyerekezenso kuti pasukulu yake malikisi okhozera ndi 50. Ichi n'chitsanzo chabe. Inu muikepo nambala ya sukulu yanu.

Sabata yachinayi asainimenti yabwera, ndipo wapeza 16 pa 20. Wakhoza bwino ndithu. Koma kulemera kwa asainimenti ndi 10, osati 20. Kawerengedwe kake n'kosavuta: tengani zimene mwapeza, gawani ndi malikisi onse a pepalalo, kenako chulukitsani ndi kulemera kwake. Ndibwerezenso pang'onopang'ono. Zimene mwapeza, kugawa ndi malikisi onse a pepala, kuchulukitsa ndi kulemera. Mtsikana wathu akatero apeza 8. M'kope alemba zonse ziwiri: 16 pa 20 monga aphunzitsi alembera, ndi 8 pa 10 amene alowa m'thumba.

Pakati pa semesita kwabwera mayeso. Nthawi imeneyi anali atatanganidwa ndi kosi ina yovuta, kwayala nayonso inali ndi ulendo, ndipo wapeza 20 pa 50. Kulemera kwa mayesowa ndi 20. Kawerengedwe komwe kaja kamupatsa 8 pa 20.

Imani pamenepa pang'ono muone zimene mtima umachita. Mtsikanayu akhoza kunena kuti, «Koyamba ndinapeza 80 peresenti, kachiwiri 40 peresenti, ndiye pakati pake ndili pa 60, ndili bwino.» Koma kope likunena zina. Pa malikisi 30 amene aperekedwa mpaka pano, iye ali ndi 16. Wangopitirira hafu ndi likisi limodzi. Kusiyanaku kwabwera chifukwa pamene anachita bwino panali pakambale, pamene anagwa panali pabeseni. Choncho musamaphatikize maperesenti a mapepala n'kugawa pakati ngati kuti mapepala onse ndi ofanana. Phatikizani malikisi osinthidwa aja basi.

Ntchito ya pagulu yabwera, gulu lapeza 7 pa 10, ndipo poti kulemera kwake ndi 10 yemweyo, palibe chosintha. Tsopano tiphatikize: 8, kuwonjezera 8, kuwonjezera 7. Akulowa m'mayeso omaliza ali ndi 23 pa 40.

Apa ndi pamene kope limabweza ndalama zimene munaligulira. Kuti afike pa 50, akufunika malikisi ena 27. Malikisi amenewa ayenera kuchokera pa 60 a mayeso omaliza. Ndipo 27 pa 60 ndi 45 peresenti. Ndiye kuti pepala lomaliza likachongedwa pa 100, ayenera kupeza 45 kuti akhoze. Ngati akufuna kumaliza kosi ndi 65, akufunika 42 pa 60, yomwe ndi 70 peresenti. Njira yake ndi iyi: tengani pamene mukufuna kufika, chotsani zimene muli nazo kale, zotsalazo ziyerekezeni ndi kulemera kwa mayeso omaliza.

Nambala imeneyi imathandiza munthu kugawa nthawi. Wophunzira amakhala ndi makosi asanu, asanu ndi limodzi, pena kuposa apo, ndipo sabata yokonzekera mayeso ndi yaifupi. Mwachibadwa timathamangira kuwerenga kosi imene timaikonda, chifukwa imakoma ndipo imatipatsa mtima woti ndife anzeru. Koma mukatsegula kope n'kuona kuti kosi iyi ikufuna 35 peresenti kuti mukhoze pamene inayo ikufuna 60, simufunikanso wina wokuuzani kumene usiku wanu upite.

Tadzifunsani kumene muliko, inu amene mwatha kale semesita imodzi kapena ziwiri: tsiku limene munalowa m'chipinda cha mayeso omaliza, kodi munkadziwa malikisi amene munali nawo kale m'manja? Kapena munkangodalira kuti zinthu zili bwino?

(Nyimbo pang'ono)

Mukumvera pulogalamu ya ophunzira atsopano a kuyunivesite, ndipo tikukamba za kope la malikisi. Taona kawerengedwe. Tsopano tione zimene zimalakwika, chifukwa kuwerengera bwino sikuthandiza ngati zimene zili m'kope lanu zikusiyana ndi zimene zili m'buku la aphunzitsi.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Malikisi amene ali papepala lanu koma sanalowe m'buku la aphunzitsi akadali pachala. Makalasi a chaka choyamba amakhala aakulu, ena a anthu mazana angapo. Mapepala amachongedwa ndi anthu, nthawi zina othandizira aphunzitsi, ndipo malikisi amakoperedwa kuchoka papepala kupita pakompyuta ndi munthu wotopa. Pakalasi pakhoza kukhala a Banda asanu ndi a Phiri asanu ndi awiri. Likisi la wina limatha kupita kwa wina, 16 amatha kusanduka 6, ndipo mzere wina umangotsala wopanda kanthu. Palibe amene wakuchitirani chipongwe. Ndi mmene ntchito ya manja imakhalira.

Tibwerere kwa mtsikana wathu. Tinene kuti malikisi 8 a asainimenti yake sanalowe. M'buku la aphunzitsi ali ndi 15 pa 40 m'malo mwa 23. Iye akulowa m'mayeso akuganiza kuti 45 peresenti imukwanira, chonsecho mmene zinthu zalembedwera akufunika 35 pa 60, pafupifupi 58 peresenti. Akapeza 50 pamayeso, atuluka akusangalala, koma zotsatira zidzamuitana kuti akalembe sapu. Kambale kamene tinakachepetsa kaja, katayika, ndipo kamugwetsa.

Ine zinandionekera ndili chaka choyamba. Pamndandanda wa malikisi umene unamatidwa pachitseko cha ofesi, kutsogolo kwa nambala yanga kunali kamzere chabe pamalo pa mayeso apakati. Mayesowo ndinalemba, ndipo pepala anandibwezera. Koma pepalalo ndinali nditakulungira nsapato popita kutchuthi. Ndinatha masiku atatu ndikufufuza m'katoni ya mnzanga amene ndinamusungitsa katundu, mpaka ndinalipeza litakwinyika, lili ndi polishi. Aphunzitsi analiyang'ana, anandiyang'ana, n'kukonza osanena zambiri. Chikhala kuti linapita kukayatsira mbaula, sindikudziwa kuti ndikananena chiyani.

Ndiye pepala lililonse lochongedwa lisungeni mu envulopu imodzi kapena mufayilo mpaka zotsatira za semesita zitatuluka ndipo mwakhutira nazo. Lijambuleninso pafoni tsamba loyamba, pamene pali dzina lanu, nambala yanu ndi malikisi. Popereka ntchito, ngati pali pepala losainira, sainani. Ngati mwatumiza pa intaneti, sungani uthenga wosonyeza kuti yafika. Pa ntchito ya pagulu, onani ndi maso anu kuti dzina lanu ndi nambala yanu zalembedwa molondola pachikuto isanaperekedwe. Mnzanu amene analemba chikutocho pakati pa usiku akhoza kusemphanitsa manambala awiri, ndipo malikisi a gulu lonse adzalowa kupatula anu.

M'kope lanu musiyanitse zinthu zitatu zimene zimaoneka ngati zofanana. Pali ntchito imene nthawi yake sinakwane: pamenepo siyani popanda kanthu. Pali ntchito imene munapereka koma sinabwere: lembani tsiku limene munapereka ndi mawu oti «ndikudikira». Ndipo pali ntchito imene simunalembe n'komwe: pamenepo lembani ziro, mosadzinyengerera. Ziro ameneyu amawawa kumuona, koma mukamusiya ngati malo opanda kanthu mudzaiwala kuti malikisi amenewo anapita, ndipo kuwerengera kwanu konse kudzakunamizani. Ngati munalephera kulemba chifukwa cha matenda kapena maliro, musadikire. Pitani kwa aphunzitsi kapena ku dipatimenti mwamsanga ndi kalata ya kuchipatala kapena umboni wina, mufunse njira imene sukulu yanu imatsata. Nkhani yotere imamveka ikadali yatsopano. Pakatha miyezi iwiri imavuta.

Aphunzitsi ambiri amaonetsa malikisi a m'kati mwa semesita mayeso omaliza asanayambe, kaya pabolodi, kaya pakompyuta ya sukulu imene mumalowamo ndi nambala yanu, kaya kudzera kwa mtsogoleri wa kalasi. Tsiku limenelo tengani kope mufananitse mzere ndi mzere. Zikasiyana, yambani mwabwereza kuwerengera kwanu, chifukwa nthawi zina wolakwa ndi inu. Mukatsimikiza, pitani kuofesi nthawi imene aphunzitsi anaika yoonana ndi ophunzira, pepala lili m'manja. Osapita ndi mkwiyo, ndiponso osayamba kudandaula pagulu la pafoni la kalasi yonse. Mawu ochepa akwanira: «Pepani aphunzitsi, pamndandanda sipakuoneka malikisi anga a asainimenti yoyamba. Pepala lake ndi ili.» Munthu wobwera ndi pepala amathandizidwa m'mphindi zochepa. Wobwera ndi mawu okha akuti ndikukumbukira kuti ndinakhoza amauzidwa kuti abwere mawa.

Chinanso chimene chimasokoneza kope ndi kusintha kwa mapulani. Aphunzitsi analonjeza mayeso awiri, koma nthawi yathera, ndipo alengeza kuti pakhala amodzi okha. Funsani nthawi yomweyo kuti malikisi a mayeso amene achotsedwawo apita kuti. Ngati awonjezedwa pa mayeso amene munalemba kale, ndipo munagwa, beseni lija lakula, ndipo nambala imene mukufunika pamapeto yakwera. Konzani kulemera m'kope tsiku lomwelo, ndipo onaninso ngati zonse zikukwana 100.

Ndisanaiwale, sabata yoyamba yomweyi tsimikizani kuti dzina lanu lili pamndandanda wa kosi iliyonse imene mukulowa. Zimachitika kuti munthu akulowa m'kalasi, akulemba ntchito zonse, chonsecho kalembera wake sanathe bwino ndipo malikisi alibe pokalowa.

Makosi nawonso salemera mofanana. Sukulu zambiri zimapatsa kosi iliyonse makirediti, ndipo powerengera avereji ya semesita, kosi ya makirediti ambiri imakoka kwambiri kuposa ya ochepa. Ndi nkhani ya kambale ndi ndowa yomwe ija, koma pakati pa makosi. Lembani makirediti pamwamba pa tsamba lililonse. Avereji imeneyi, pamodzi ndi kuchuluka kwa makosi amene munthu walephera, ndi zimene malamulo a sukulu amayang'ana ponena kuti uyu apitirire, uyu abwereze, uyu achotsedwe, kumene ophunzira amati kuwidedwa. Za kawerengedwe kake tidzakamba tsiku lina, chifukwa kamasiyana sukulu ndi sukulu.

Ntchito yonseyi imafuna nthawi yochepa. Ola limodzi sabata yoyamba lokonzera masamba, kenako mphindi khumi pasabata, tsiku limene mwasankha, kaya Lamlungu madzulo mukatha kuchapa. Mutsegule tsamba lililonse, mulembe zimene zabwera, muzisinthe molingana ndi kulemera kwake, muone zimene mukudikira ndi zimene zikubwera sabata yamawa.

Kwa inu makolo ndi achibale amene mukulipira fizi, mwana akaimba musangofunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji, chifukwa yankho lake mukulidziwa kale: ikuyenda bwino. Mufunseni kuti, pa kosi imene ikukuvuta kwambiri, uli ndi malikisi angati mwa amene aperekedwa mpaka pano? Akayankha ndi nambala, kope lilipo. Akayamba kukamba za netiweki, mutumizireni ya kope.

Ndipo inu ophunzira, usiku uno musanagone, tulutsani makosi autilaini onse amene mwalandira, muone ngati pa lililonse mungathe kunena kulemera kwa ntchito iliyonse. Pamene simungathe, limenelo ndiye funso lanu loyamba m'kalasi mawa. Nthawi yathu yathera pomwepa.